Za muzu wachiwiri mu 2sin²x − 3sin x − 2 = 0

"Ndaika u = sin x ndipo ndapeza mizu iwiri, koma buku lagwiritsa ntchito umodzi wokha. Chifukwa chiyani?" anafunsa wophunzira wina wa kuno ku Harare.

Sabata yatha ndinayankha mwachidule, tsono lero ndiwonjezepo. Kuchokera pa (2u + 1)(u − 2) = 0 timapeza u = −1/2 kapena u = 2. Muzu wa 2 timautaya chifukwa sin x sapitirira 1 ndiponso satsika kuposa −1, choncho palibe ngodya imene ingapereke 2, ndipo kakyuleta imakana mukayesa. Wotsalawo umapereka x = 210° ndi x = 330° pakati pa 0° ndi 360°; ambiri amaiwala yankho lachiwirili. Chenjerani, komabe, mukaika u = tan x, pakuti tan x imatenga nambala iliyonse, ndipo muzu wa 2 sungatayidwe.