Zotsatira pa funso la chikalata chopita kwa atolankhani

"Mkonzi wabweza chikalata cha bungwe lathu la Amalawi kuno ku Harare, akuti ziganizo zina zikunena zomwe sitinatanthauze. Tikonze pati?"

Bambo, chikalata munatumiza chija ndachiwerenga tsopano, ndipo vuto lalikulu lili m'chiganizo chakuti, "Bungwe lapereka mabulangete kwa agogo ochokera ku Bulawayo." Mawu akuti "ochokera" amagwirizana ndi "mabulangete" komanso "agogo", choncho wowerenga amawalumikiza ku dzina limene lili pafupi, n'kuganiza kuti agogowo ndiwo a ku Bulawayo, pamene iwo ndi a ku Mbare, dera la mumzinda wa Harare. Mtolankhani amene ali pa changu sadzakuimbirani kuti afunse. Adzasindikiza zomwe waona. Sunthani mawuwo atsatane ndi dzina limene akulifotokoza: "Bungwe lapereka kwa agogo a ku Mbare mabulangete ochokera ku Bulawayo."

Chiganizo china chili ndi vuto losiyana, ndipo kusuntha mawu sikungachikonze. Munalemba kuti, "Pofuna kuteteza okalamba ku chisanu cha mu Juni, mabulangete anagawidwa." Wofunayo sanatchulidwe paliponse, moti zikumveka ngati mabulangete ndiwo anali ndi cholinga. Apa muyenera kuika wochita ntchitoyo pambuyo penipeni pa mpatuliro: "Pofuna kuteteza okalamba ku chisanu cha mu Juni, bungwe linagawa mabulangete."

Musanachitumizenso, pa chiganizo chilichonse choyamba ndi "pofuna", "atamaliza" kapena "polankhula", funsani kuti wachita zimenezo ndani, ndipo yankho likhale dzina loyamba pambuyo pa mpatuliro.