Ndithandizeni mawu aulemu a m'kalata yopempha thandizo

Abale anga, ndine mlembi wa komiti ya makolo pasukulu ina kuno ku Chipoka, m'boma la Salima. Tikulemba kalata yopempha akufuna kwabwino kuti atimangire kanjira ka njinga ya olumala ndi chimbudzi chokhala ndi zogwirira.

Amene anayamba kuilemba anaika kuti "tiana topunduka tomvetsa chisoni". Ndafufuta, ndalemba "ophunzira atatu omwe ali ndi ulumali". Pamene panali "napweri" ndaika "mtsikana wa khungu lachialubino". Apo sindikukayika.

Pandiimitsa mutu ndi pa mnyamata wa Sitandade 6 yemwe kalatayo ikumutcha "gonthi ndi bubu". Ndinati ndilembe "wosamva ndi wosalankhula", koma mwanayu amalankhula ndi manja, ndipo nthabwala zake anzake amaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndiye "wosalankhula" si bodza kodi? Mayi ake akuti "wosamva" anthu amangomva ngati mwana wamwano. Ena akuti "wavuto lakumva", koma ine mawu akuti vutowo akundikhala pakhosi.

Inu aphunzitsi a ana aulumali, makamaka eni akenu osamva, mumafuna tizilemba bwanji? Kalatayi ikuyenera kupita Lachisanu.