Zosintha 700, tesiti ya mphindi 20: ndiwauze maola angati abwana?

Bongololo: Akuluakulu, ndithandizeni. Pulogalamu yathu yayamba kulakwitsa kuwonkhetsa ndalama pa malisiti. Miyezi iwiri yapitayo inkagwira bwino, koma kuchoka pamenepo talowetsa zosintha 700 ndipo sindikudziwa chomwe chinaononga. Kumanga ndi kuyesa kamodzi kumadya mphindi 20. Ndayambitsa `git bisect`, chida chosakira chosintha chomwe chinabweretsa vuto, ndipo ikuti maulendo otsala ndi ochepa zedi, mpaka ndikukayika. Abwana akufuna yankho lero.

Chiphaniphani: Ndi logaridimu imeneyo achimwene. Ndadina `ln` pa 700, yandipatsa 6.55. Auzeni maulendo 7 basi.

Mayi Kadzidzi: Logaridimuyo mwalasa, koma batani mwadina lolakwika. Pamafunika `log2(700)`, yomwe ndi 9.45, ndiye konzekerani maulendo 10. Werengani nokha. Mukayesa chosintha chapakati, yankho ndi eya kapena ayi, ndipo okayikiridwa amatsala 350. Kenako 175, 88, 44, 22, 11, 6, 3, 2, 1. Mwadula kakhumi. Ndi mphindi 200, maola atatu ndi mphindi 20.

Bongololo: Zikomo amayi. Koma nanga munthu wochenjera sangapeze njira ya maulendo 7 aja? Chifukwa chiyani 2 yemweyo?

Mayi Kadzidzi: Chifukwa funso lanu lili ndi mayankho awiri okha. Funso limodzi limasiyanitsa zinthu ziwiri. Mafunso awiri amatulutsa njira zinayi: eya-eya, eya-ayi, ayi-eya, ayi-ayi. Funso lililonse lowonjezera limachulukitsa njirazo kawiri. Tsono chosintha chilichonse mwa 700 chija chimafuna njira yakeyake, apo ayi ziwiri zikhala ndi mayankho ofanana ndipo simudziwa cholakwa ndi chiti. Mafunso 7 ali ndi njira 128 zokha. Mafunso 9 ali ndi 512, sizikukwanabe. Pa 10 mpamene zifika 1024. Logaridimu ya 2 ikungofunsa kuti 2 achulukitsidwe kangati kuti afike pa 700. Mwayi ulipo woti muthere pa ulendo wa 9, popeza 1024 yapitirira 700, koma abwana musawalonjeze mwayi.

Chomwe chimandisangalatsa ine, zikanakhala 1400 mukanangowonjezera ulendo umodzi.

Nkhwazi77: Mabiti 10 amenewo. Ife pa seva yathu disiki inadzaza sabata yatha ndi mafayilo a `.git`, ndiye ngati vuto ndi malo, baiti imodzi ndi mabiti 8, ma baiti awiri akukwanirani.

Bongololo: Ayi bwana, disiki ili bwinobwino, nkhani ndi nthawi.

Mayi Kadzidzi: Koma a Nkhwazi sanasochere kwenikweni. Kulemba nambala ya chosintha chimodzi mwa 700 kumafunadi timalo 10 ta 0 ndi 1, pa chifukwa chomwechi, kamalo kalikonse ndi yankho la funso limodzi. Kungoti biti imene katswiri wa masamu Claude Shannon anaigwiritsa ntchito mu 1948 imayeza kukayika komwe kwachoka. Biti imodzi yathunthu ndi pamene yankho ladula okayikiridwa pakati.

Tayerekezani a Bongololo ayamba kumapeto, kuyesa chimodzichimodzi. Yankho likubwera loti vuto likadalipo, okayikiridwa achoka pa 700 kufika pa 699. Imeneyo ndi `log2(700/699)`, mabiti 0.002. Mphindi 20 zapita, yankho lomveka bwino mwalandira, koma palibe chomwe mwaphunzira. Funso lomwe yankho lake mukulidziwa kale silibweretsa kanthu.

Chiphaniphani: Ndiye ngati ndikukayikira kwambiri chosintha chimodzi, monga chija chinakhudza fayilo ya misonkho, ndisayambe pakati?

Mayi Kadzidzi: Apo mwagunda mfundo. Chofunika kudula pakati ndi kukayika kwanu. Kudula chiwerengero pakati kumagwira pamene zonse mukuzikayikira mofanana. Ngati zosintha 40 zokha zinakhudza chikwatu cha malisiti, uzani git iyang'ane zomwezo, pakati pa `HEAD` pomwe pali vuto ndi `v2.3`, tinene kuti mpomwe inkagwira bwino:

```
git bisect start HEAD v2.3 -- src/malisiti
```

`log2(40)` ndi 5.32, maulendo 6, maola awiri. Koma ngati cholakwa chili kunja kwa chikwatucho, ikulozerani chosintha chosalakwa. Musanakhulupirire, yesani chosinthacho komanso chomwe chinalowa komaliza icho chisanalowe.

Bongololo: Pali china sindinanene. Vutoli silibwera nthawi zonse. Mwina kamodzi pa maulendo atatu tesiti imadutsa ngakhale vuto lilipo.

Mayi Kadzidzi: Aa, mukanayambira pamenepo! Masamu onse aja amadalira mayankho oona. Mukalemba `git bisect good` molakwika kamodzi kokha, mwataya theka lomwe muli wolakwa, ndipo git sibwerera. Tesiti ikalephera khulupirirani. Ikadutsa bwerezani. Kudutsa mwabodza katatu motsatizana ndi kamodzi pa 27, ngati maulendowo sakudalirana.

Chiphaniphani: Katatu nkochepa kwa ine. Ma `good` angakhale asanu, mwayi wonamizidwa penapake ukukwera. Ine ndikanachita kasanu.

Bongololo: Kasanu ndigona mu ofesi. Ndayamba ndi katatu, abwana ndawauza mawa masana.