Thandizeni abale: diso la amayi lafiira, likuwawa kwambiri ndipo akusanza. Tidikire mawa?

Nachisale wa ku Mufakose: Abale a pa gulu, pepani ndalemba usiku. Amayi anga ali ndi zaka 64. Madzulo ano magetsi atazima anakhala m'khitchini akusankha nyemba pa kandulo. Cha m'ma 7 koloko anayamba kudandaula kuti diso lakumanzere likuwawa, ndipo ululuwo wakwera mpaka pachipumi ndi mbali yonse ya mutu. Asanza kawiri. Diso lafiira, likutuluka misozi yokhayokha, manthongo palibe. Akuti akayang'ana kandulo akuona utawaleza wozungulira lawi, ndipo nkhope yanga akuiona ngati muli chifunga. Sabata ino akhala akumwa mapiritsi a chimfine omwe tinagula ku famase. Galimoto tilibe, ya hayala usiku uno ndi yodula. Ndiwapatse panado agone, tipite ku kiliniki mawa?

Bambo Phiri, Mabvuku: Mutu ndi kusanza pa msinkhu umenewo ndi bipi imeneyo mlongo. Pezani makina muwayeze. Akazi anga zimawachita choncho akaiwala mapiritsi.

Mai a Chisomo: Si maso aja opatsirana? Ana anga onse anadwala chaka chatha. Tinkatsuka ndi madzi a mchere, masiku ochepa anachira. Ngati muli ndi mankhwala odontheza otsala kunyumba adonthezereni.

Namwino wa maso: A Nachisale, musadikire mawa, chonde. Ndagwira ntchito ya maso zaka zambiri, ndipo zomwe mwalembazi zikufanana kwambiri ndi gulokoma ya mwadzidzidzi, matenda omwe mphamvu ya madzi a m'diso imakwera kwambiri. Ndiyankheni zinthu zitatu msanga. Awunikireni ndi tochi ya foni diso lililonse palokha: kodi kamwana ka diso lowawalo kakuchepa kuwala kukafika, monga kakuchitira ka diso linalo? Kenaka atseke maso ayang'ane pansi, inu mukhudze pang'onopang'ono pamwamba pa chikope ndi zala ziwiri, diso ili kenaka linalo, kamodzi kokha. Zikusiyana kulimba kwake? Chachitatu, amavala magalasi amtundu wanji?

Nachisale wa ku Mufakose: Kamwana ka diso lamanzere ndi kakakulu kuposa kakumanja ndipo sikakusuntha n'komwe. Pamwamba pa diso sipakuwala ngati pa linalo, pachita mbuu. Ndakhudza, lalimba ngati mwala, lakumanja n'lofewa. Magalasi awo ndi aja okulitsa maso munthu akavala, akhala nawo kuyambira ndili mwana.

Namwino wa maso: Pezani galimoto tsopano. Pitani ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa mu Harare muno, mukafikire kolandirira odwala mwadzidzidzi. Chipatala cha maso cha Sekuru Kaguvi chili komweko, ndiye dokotala wa maso akhoza kuitanidwa. Mukafika musayambe ndi nkhani ya mutu ndi kusanza, chifukwa akhoza kuyamba kufufuza m'mimba kapena malungo nthawi n'kumapita. Mukanene kuti diso lafiira, lalimba, sakuona bwino, akuona utawaleza, ndipo mukupempha kuti ayeze mphamvu ya madzi a m'diso. Tengani paketi ya mapiritsi a chimfine aja ndi mankhwala ena onse omwe amamwa, ndipo a chimfinewo asamwenso. Panado apatseni ngati angakhale m'mimba. Podikira galimoto agone chagada, nyali ikhale yoyaka, diso musalimange nsalu. Musadonthezemo chilichonse, kaya madzi a mchere, mkaka wa m'mawere, zitsamba kapena mankhwala otsala a munthu wina.

Achimwene a ku Epworth: Pepani anamwino, sindikutsutsa ntchito yanu, koma gulokoma ndimaidziwa. Malemu bambo anga anali nayo zaka zambiri. Siwawa ayi, dokotala anatiuza kuti imadya maso mwakachetechete mpaka munthu amazindikira mochedwa. Izi za ululu ndi kusanzazi zikumveka ngati mutu waching'alang'ala. Nanenso ukandigwira ndimaona zowalawala ndipo ndimasanza.

Namwino wa maso: Achimwene, zomwe mwanena za bambo anu n'zoona, ndipo mtundu umenewo ndi womwe timauona kwambiri kwa ife anthu akuda. Koma pali mtundu wina. M'diso mumapangidwa madzi nthawi zonse, kuseri kwa mbali yabulauni ija. Amadutsa pa kamwana ka diso kubwera kutsogolo, n'kutulukira m'ngalande yaing'ono yomwe ili m'mphepete, pomwe mbali yabulauni imakumana ndi khungu loonekera la kutsogolo. Kwa bambo anu khomo la ngalandeyo linali lotseguka koma madzi ankatuluka movutikira, ndiye mphamvu inkakwera pang'onopang'ono osamva kanthu. Kwa amayi awa, madzi atsekeredwa kuseri, akukankha mbali yabulauni kubwera kutsogolo mpaka yatsekeratu ngalande. Madzi akupangidwabe koma potulukira palibe. Diso labwino pa makina limawerenga pakati pa 10 ndi 21. Likatsekeka chonchi limatha kupitirira 50 m'maola ochepa, ndipo mtsempha wotenga zithunzi kupita ku ubongo ukafinyika ndi mphamvu yotere umawonongeka osabwereranso. Mutu waching'alang'ala sulimbitsa diso, ndipo suchititsa kutsogolo kwa diso mbuu. Utawaleza akuuonawo ukuchokera pa khungu loonekera lija, latupa ndi madzi ndiye likumwaza kuwala.

Bambo Phiri, Mabvuku: Nanga mdima ndi mapiritsi a chimfine zikukhudzana bwanji ndi zimenezi? Tonsefe timakhala mumdima magetsi akapita.

Namwino wa maso: Si aliyense, bambo. Zimagwira munthu amene diso lake ndi lopanikizika kale m'kati. Anthu ovala magalasi okulitsa nthawi zambiri diso lawo limakhala lalifupi, ndipo munthu akamakula lenzi ya m'kati imanenepa, makamaka ng'ala ikayamba, malo n'kucheperachepera. Amayi ndi omwe zimawagwira kwambiri kuposa abambo. Tsono mumdima kamwana ka diso kamakula, mbali yabulauni n'kukwinyikira m'mphepete momwe muli ngalande. Mapiritsi ena a chimfine, otsegula mphuno ndi ogonetsa aja, nawonso amakulitsa kamwanako, chimodzimodzi ena a kupotokola kwa m'mimba ndi ena a matenda a nkhawa. Onjezani kuwerama nthawi yaitali posankha nyemba. Zonse zinakumana madzulo amodzi.

Nangozo: Azakhali anga kwathu ku Dedza zinawachitikira. Anakhala pafupifupi sabata akumwa mankhwala a mutu, ena akuti alodzedwa. Pofika kuchipatala ululu unali utachepa wokha koma diso linali litafa. Lero amaona ndi limodzi. A Nachisale, ngati vuto ndi ndalama ya galimoto nenani, tilipo ambiri kufupi, tisonkha.

Nachisale wa ku Mufakose: Zikomo nonse. A neba avomera kutiperekeza. Tanyamuka.

Nachisale wa ku Mufakose: Mwadzuka bwanji abale. Tinafika cha m'ma 10 usiku. Ndinanena monga anandiuzira anamwino. Atayeza, diso lamanzere linali pa 58, lamanja pa 17. Anafunsa ngati amayi ali ndi mphumu, vuto la impso, kapena ngati mankhwala a salufa amawawenga. Ndinati ali ndi mphumu kuyambira kale, ndiye dokotala anati mankhwala ena odontheza sawapatsa. Anawabaya jekeseni pamtsempha, kuwagoneka chagada, n'kumadontheza mankhwala angapo mosinthanasinthana. Pofika 1 koloko inali pa 31 ndipo kusanza kunasiya. M'mawa uno ili pa 22. Akuona bwinoko koma chifunga sichinathe. Tsono akuti akufuna kuboola kabowo ndi makina a kuwala kwamphamvu otchedwa leza, maso onse awiri. Amayi akukana. Akuti lodwalalo chabwino, koma labwinolo asalikhudze, ndi lomwe latsala. Ine ndasowa chowayankha.

Namwino wa maso: Mwachita bwino kunena za mphumu. Omwe anawasiyawo ayenera kukhala timololo, amathandiza kutsitsa mphamvu ya m'diso koma amatha kubanikitsa munthu wa mphumu. Jekeseniyo kawirikawiri imakhala asetazolamaidi, 500 mg, yochepetsa madzi opangidwa m'diso. Akamamva dzanzi m'zala kapena kukodza pafupipafupi musadabwe, ndi mankhwalawo. Mphamvu ikatsika amadontheza pilokapini kuti kamwana ka diso kachepe, mbali yabulauni ichoke pa ngalande. Koma zonsezi zangozimitsa vuto la usiku watha. Mapangidwe a diso sanasinthe, ndiye litha kutsekekanso madzulo ena aliwonse. Kabowo ka leza amakaboola m'mphepete mwa mbali yabulauni, nthawi zambiri pamwamba pobisika ndi chikope, kuti madzi a kuseri apeze njira yachidule yodutsira kutsogolo. Munthu amakhala pampando, amadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, sipakhala mpeni kapena ulusi, ndipo zimatha m'mphindi zochepa. Pa diso lodwalalo nthawi zina amadikira tsiku kapena masiku awiri kuti mbuu uja achoke aone bwino poboola.

Za diso labwinolo, auzeni amayi chonchi: maso awiriwo anapangidwa mofanana, ndiye lamanjalo ndi lopanikizika ngati linzake, ndipo likasiyidwa chomwecho mwayi woti nalonso litsekeke m'zaka zikubwerazi ndi waukulu ndithu. Kuliboola lisanadwale n'kosavuta kuposa kuliboola litatupa. Sindinganene kuti palibe chovuta chilichonse. Diso limafiirako masiku ochepa, mphamvu imatha kukwera pang'ono maola oyamba, ndipo anthu ena amaona kamzere kowala pambuyo pake. Muyerekeze zimenezo ndi zomwe mwaona usiku watha. Inunso a Nachisale ndi abale anu obadwa nawo, mukapitirira zaka 40 kayezetseni, chifukwa mapangidwe amenewa amayenda m'banja.

Achimwene a ku Epworth: Ndamva tsopano. Koma mnzanga wa kutchalitchi akuti kwa mayi ake sanachite za leza, anangochotsa ng'ala basi vuto linatha. Bwanji osachita zimenezo kamodzin'kamodzi?

Namwino wa maso: Njira imeneyo ilipo ndipo imagwira, chifukwa lenzi yonenepa ikachoka n'kulowa yopyapyala, m'diso mumapezeka malo. Koma opaleshoni pa diso lomwe langotupa kumene ndi yovutirapo, ndiye madokotala ena amayamba ndi leza, ng'ala n'kudzachotsa diso litakhazikika. Ena, ngati ng'ala yakhwima kale, amafulumira nayo. Zimatengera zomwe dokotala waona m'disomo, ine kuno sindingagamule.

Nachisale wa ku Mufakose: Dokotala wati ng'ala ilipo maso onse koma ikadali yaing'ono, ndipo za mmene mtsempha wawonongekera adzadziwa bwino chifunga chikatha. Amayi avomera leza ya diso lamanzere. Za lamanja akuti alankhule kaye ndi achimwene awo a ku Highfield, abwera masana ano. Anamwino, ndingawawerengere zomwe mwalembazi? Komanso chimfine chija sichinathe, ndiwagulire mankhwala ati omwe sangayambitsenso vutoli?