Sitandadi diviyeshoni ya tebulo ikukana kugwirizana ndi ya Excel

Mphunzitsi wa Fomu 4: Anzanga thandizeni, mutu waima. Malikisi a ana 40 ndawaika m'magulu: 20–29 ana 4, 30–39 ana 10, 40–49 ana 14, 50–59 ana 8, 60–69 ana 4. Mamidipointi 24.5 mpaka 64.5. Ndapeza Σfx = 1760, mini 44, Σfx² = 82430, variyansi 124.75, diviyeshoni 11.17. Koma malikisi enieniwo pa STDEV.P akundipatsa 10.6. Ndabwereza katatu. Ndalakwitsa pati? Lipoti likufunika Lachisanu.

Agogo a masamu: Simunalakwitse, aphunzitsi. Mutangowaika m'magulu, malikisi enieni munawataya. Ana 14 a 40–49 aja tebulo likuwatenga ngati onse anapeza 44.5. Timasankha pakati chifukwa amene ali pamwamba pake ndi amene ali pansi pake amafafanizana pa mini. Pa variyansi safafanizana bwino. Ana amachulukira cha ku 44, ndiye m'gulu la 60–69 ambiri amakhala cha ku 61 kapena 62, koma inu mwawakankhira ku 64.5. Variyansi imafufuma.

Bambo a ku Ntcheu: Midipointi n'kutaya nthawi. Tengani 20, 30, 40, 50, 60 basi. Yesani, mupeza 124.75 yomweyo.

Agogo a masamu: Ituluka yomweyo, inde, poti mwachotsa 4.5 paliponse. Koma mini yanu ikhala 39.5. Mukawauza ahedi zimenezo?

Madamu a jogalafe: Kodi pakati pa 20–29 si 25? Ife pa zaka za anthu timalemba 25.

Agogo a masamu: Pa zaka mukhoza, madamu, chifukwa munthu amakhala wa zaka 29 mpaka tsiku lokwanitsa 30. Malikisi athunthu amathera pa 29, ndiye (20 + 29) ÷ 2.

Bambo a ku Ntcheu: Funso linali la diviyeshoni, osati mini. Yankho ndi lomwelo.

Wa ku ofesi ya zaulimi: Chenjerani nazo, bambo. Gulu lomaliza likanakhala 60–79, pamenepo mukanachotsa 9.5 pamene kwina mukuchotsa 4.5, ndipo diviyeshoni ikanasintha. Ine zinandipweteka pa matumba a chimanga. Fomu inali ndi gulu la "50 kupita m'mwamba", ndinangolemba 55. Kenaka ndinapeza kuti mlimi wina m'gulumo anakolola matumba 200. Lipoti linabwerera lofiira ndi bolopeni.

Agogo a masamu: Pali kukonza kwa Sheppard, kuchotsa h²/12 pa variyansi, pomwe h ndi kukula kwa gulu, apa 10. Apa 100 ÷ 12 ndi 8.33, variyansi 116.42, diviyeshoni 10.79. Yayandikira. Koma musathamangire, kumafuna magulu ofanana kukula ndi fulikwensi yochepera pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri. Komanso musasakanize: STDEV.S imagawa ndi 39, inu munagawa ndi 40. Poti malikisi enieni muli nawo, mulipoti lembani 10.6.

Bambo a ku Ntcheu: Magulu ake ndi ofanana. Ine ndaphunzitsa chonchi zaka zambiri.

Madamu a jogalafe: Nanga mwana akagwiritsa njira ya bambowa pa mayeso, mumamupatsa malikisi onse?