Madzi akuima pamsewu mu QGIS: ndilakwitsa pati?

Moni nonse akatswiri a mapu. Ndikufuna kupeza malo amene angakumbike zigwembe m'mapiri a ku Ntcheu, pogwiritsa ntchito DEM ya SRTM ya mamita 30. Kutsetsereka kwa malo kukutuluka bwino nditasinthira ku UTM 36S, EPSG:32736. Vuto lili pa kusonkhana kwa madzi: mizere ikungoduka ikafika pamsewu wa M1, pomwe pansi pake pali makalavati, madzi amadutsa ndithu.

Ndayesa `Fill sinks (Wang & Liu)`, koma yangodzaza chigwa chonse kukhala thyathyathya, mizere n'kuwongoka ngati yojambula ndi rula. `r.watershed` yachitako bwino, komabe zigwembe zimene ndinaziona ndi maso, zina zosakwana mamita 5 m'lifupi, sizikuoneka.

Kodi ndiboole msewuwo ndi `r.carve`, kapena mamita 30 ndi okula kwambiri pantchitoyi? Nanga malire a maselo oyambira chigwembe mumawasankha bwanji? Thandizeni chonde.