Miyezi 5 tikuonana koma akungoti "tisathamange": ndidikirebe kapena ndikutaya nthawi?

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni maganizo. Pali mwamuna amene takhala tikuonana kwa miyezi 5, koma sanandifunsirepo. Sabata ina amaimba tsiku lililonse, kenako zii masiku 5 kapena 6, akabwerera amati anatanganidwa. Tikakumana ndi anzake amati "uyu ndi mnzanga." Koma mwamuna wina atandiimbira foni tili limodzi, anakwiya madzulo onse. Nditamufunsa kuti ife ndife chiyani anati tisathamange, tione mmene zikhalire. Ndili ndi zaka 29. Pali kumene tikupita?

Nachisale: Chemwali, siyani kaye kuyeza mawu ake, yezani zimene amachita. Tsegulani macheza anu a pa foni a masabata 4 apitawa muwerenge zinthu ziwiri. Choyamba, mwakumana kangati, ndipo pa maulendo amenewo ndi angati amene anakuuziranitu kudakali masiku awiri kapena atatu? Munthu amene wakuikani m'moyo wake amakusungirani tsiku. Amene amangoti "uli kuti, ndikubwera" usiku wagwa kale amakukumbukirani zina zonse zikatha. Chachiwiri, akasowa, woyamba kulankhula amakhala ndani? Ngati nthawi zambiri ndinu, ndiye kuti chinthuchi mukuchinyamula nokha.

Za nsanjezo musazitenge ngati umboni. Nsanje imangoonetsa kuti safuna wina akutengeni, siinena kuti iye wakusankhani. Anthu ambiri amasochera pomwepa, chifukwa kukwiya kwa munthuyo kumamveka ngati chikondi.

Mjomba K: Njira yake n'njosavuta. Khalani chete masabata awiri, osaimba, osalemba. Akakufunani amakukondani, akapanda kutero mwapeza yankho.

Nachisale: Mjomba, theka lake n'loona. Akapanda kumufuna, nkhani yatha. Koma akamufuna sitinadziwebe kanthu, chifukwa munthuyu amabwerera kale nthawi zonse. Kubwerera ndiye khalidwe lake. Chimene sichikudziwika n'chakuti akufuna chibwenzi kapena ayi, ndipo chimenecho kukhala chete sikungachiyankhe.

Mayi a mapasa: Mwanawe, ukwati sakakamiza. Miyezi 5 yokha wayamba kale kufuna mphete? Amuna amathawa akapanikizidwa.

Membala wobisa dzina: Ayi amayi, za ukwati sindinazitchule. Ndikungofuna kudziwa ngati ndili pachibwenzi kapena ayi.

Mlongo wanu T: Vuto ndi funso limene munafunsa lija. "Ife ndife chiyani" limamupatsa mpata wozemba, ndipo chigamulo chonse mumachisiya m'manja mwake. Nenani zimene inu mukufuna. Pamaso m'pamaso, masana, osati pa meseji komanso osati muli kuchipinda. Mawu ake akhale achidule: "Ndimasangalala nawe. Ine ndikufuna chibwenzi chodziwika, cha anthu awiri basi. Iwe ukufuna zomwezo ndi ine?" Mukatero khalani chete, musamuthandize kuyankha. Ambiri amaona mnzawo akuvutika n'kuyamba okha kunena kuti "koma palibe changu," nkhani n'kufera pomwepo.

Akati eya, muone ngati zochita zasintha. Akati ayi, zidzakupwetekani, koma wakulemekezani. Yankho lovuta ndi la pakati. Pamenepo mvetserani ngati lili ndi chifukwa komanso malire. "Ndikumaliza mayeso mwezi wamawa, tikambirane akatha" ndi yankho limene mungaliyeze tsikulo likafika. "Sindinakonzeke, koma sindikufuna kukutaya" lilibe tsiku, ndipo pa miyezi 5 ine ndimaliwerenga ngati ayi. Munthu amene mwaonana naye nthawi yonseyi sakusowa chidziwitso cha inu.

Chenjeraninso ndi zimene zimatsatira. Kawirikawiri mukangofunsa amasanduka wokoma zedi kwa sabata imodzi kapena awiri, chifukwa waopa kuti muchoka, kenako zakale zija zimabwerera. Ndiye musagamule pa sabata yoyambayo. Dziikireni mumtima masabata 4 mpaka 6, osamuuza, muone ngati kusowa kuja kwatha komanso ngati akukutchulani bwino kwa anzake.

Nachisale: Ndiwonjezere chimodzi. Ngati mumagonana, funso loti "pali wina amene ukugona naye?" silidikira dzina la chibwenzi. Ndi la thanzi lanu. Kondomu isachoke mpaka nonse mutayezetsa n'kugwirizana kuti muli awiri basi.

Mjomba K: Koma masabata 6 achepa. Alipo anthu amene anapwetekedwa kale, amatenga nthawi kuti akhulupirire munthu.

Mlongo wanu T: Alipodi achimwene. Koma wochedwa chifukwa cha mantha amayenda pang'onopang'ono osasowa, ndipo amanena chimene akuopa. Kutentha lero, kuzizira mawa ndi nkhani ina.

Membala wobisa dzina: Ndawerenga. Takumana ka 6, kokonzeratu kamodzi kokha. Koma ulendo umodziwo anandiperekeza kuchipatala n'kudikira nane tsiku lonse, ndiye mutu wanga sukugwirabe. Tikumana Loweruka masana, ndimufunsa.